Popumira Pali Pati? Kukonza Mawu Otsegulira Kuti Amveke Ngati Kucheza

Khutu la munthu silichedwa kuzindikira kuti amene akuyankhula pa wailesi akuwerenga pepala. Sadikira kuti muulutsi aphonye liwu kapena achite chibwibwi. Amangomva kuti mawuwo akuyenda mofanana kuyambira koyamba mpaka kumapeto, kuti mpweya ukutha pakati pa ganizo, ndi kuti liwu likutsika pamalo amene nkhani ikadapitirira. Izi zimaoneka kwambiri m'mawu otsegulira pulogalamu, chifukwa pa masekondi oyamba amenewo womvera amakhala asanazolowere liwu la muulutsi, sakudziwa mutu wa nkhani, ndipo mwina manja ake ali pa ntchito ina. Wowerenga nyuzipepala akasokonezeka amabwerera m'mbuyo n'kuwerenganso. Womvera wailesi alibe mwayi umenewo.

Aulutsi odziwa ntchito amawerenganso pepala ngati anzawo, koma pepala lawo limakhala litadutsa pa pensulo. Asanalowe mu situdiyo amalilemba timizere tosonyeza popumira, mawu oti awatsindike, ndi pamene ayenera kuchepetsa liwiro. Ndi luso laling'ono limene munthu angaphunzire masana amodzi, ndipo limathandiza mofanana wotsogolera mwambo wa ukwati, mlembi wa mpingo wowerenga zolengeza, kapena mwana wa sukulu amene wapatsidwa mawu olandira alendo. Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi, cha pulogalamu ya zaulimi pa wailesi ya m'dera, tichitsate mpaka chitakonzeka.

Tinene kuti ndi mwezi wa Juni, anthu angomaliza kukolola, ndipo mkonzi wa pulogalamu walembera muulutsi mawu otsegulira awa:

“Takulandirani omvera athu nonse ku pulogalamu yathu ya zaulimi imene imakufikirani Lachiwiri lililonse pa wailesi yanu ino, ndipo lero tikambirana za kasungidwe kabwino ka chimanga pofuna kupewa kuwonongeka kwa zokolola kumene kumadza chifukwa cha anankafumbwe komanso chinyezi makamaka m'miyezi yotsatira kukolola, ndipo tili ndi mlangizi wa zaulimi amene atifotokozere zambiri.”

Papepala palibe cholakwika. Chichewa chake n'cholongosoka ndipo mphunzitsi angachichonge. Koma yesani kuchiwerenga mokweza. Ndi chiganizo chimodzi cha mawu 50, chokhala ndi mipatuliro iwiri yokha. Mpatuliro woyamba ukubwera pambuyo pa mawu 17, ndipo kuchokera pamenepo muyenera kudutsa mawu 24 musanapeze wina. Palibe chifuwa chimene chingasenze mawu 24 a Chichewa ndi mpweya umodzi popanda kuthamanga. Chimene chimachitika n'chakuti muulutsi amapuma paliponse pamene mpweya wamuthera, mwina pambuyo pa “kwa”, mwina pambuyo pa “chifukwa cha”, ndipo womvera amamva ganizo litaduka pakati.

Apa tikuona chinthu choyamba: mpumiro ndi mpatuliro anazipangira maso. Zimathandiza wowerenga kuona m'mene chiganizo chamangidwira, koma sizidziwa kukula kwa mapapo anu, ndiponso sizidziwa mawu amene womvera akufunika kuwamva bwino. Tikamacheza timapuma m'malo ambiri amene palibe mpatuliro, ndipo timadumpha mipatuliro ina osaima. Zizindikiro za pensulo ndi zopumira zachiwiri, zolembera pakamwa.

Koma ndisanafike ku zizindikirozo ndinene chinthu chimene ambiri safuna kumva. Chiganizo chonga chili pamwambachi sichichira ndi timizere. Mukachiduladula ndi pensulo chimamveka ngati munthu wokwera phiri atasenza katundu, akuima pang'onopang'ono osati chifukwa wafika koma chifukwa watopa. Choyamba n'kuchilembanso. Tembenuzani pepala, muyerekeze kuti mukuuza mnansi wanu zimene zili m'pulogalamu ya lero, munene mokweza, kenako mulembe zimene mwanenazo. Mudzaona kuti mawu olemera ngati “kasungidwe” ndi “kuwonongeka kwa zokolola” asanduka aneni, ziganizo zafupika, ndipo “ndipo” wachepa. Zingatuluke motere:

“Takulandirani ku pulogalamu ya zaulimi. Mwezi watha ambiri a inu munakolola. Chimanga chili m'nyumba. Koma kodi chidzafika Febuluwale chili chabwino? Adani ake ndi awiri: anankafumbwe ndi chinyezi. Lero tili ndi mlangizi wa zaulimi, atiuze m'mene tingadziwire kuti chimanga chauma gwa tisanachithire m'thumba.”

Tsopano ndi mawu 42 m'ziganizo zisanu ndi chimodzi. Izi ndiye zingalandire pensulo.

Zizindikiro zofunika n'zochepa. Kamzere kopendekeka kamodzi, /, kamatanthauza kaimidwe kakafupi, kosakwana sekondi, kopanda kukoka mpweya. Timizere tiwiri, //, timatanthauza kuti ganizo latha, imani ndipo pumani. Mzere wa kunsi kwa liwu umasonyeza kuti liwulo litsindikidwe. Kamuvi koloza m'mwamba kamakumbutsa kuti liwu lisatsike chifukwa nkhani ikupitirira, ndipo kamzere kokhotakhota pamwamba pa mawu kamati chepetsani liwiro. Palibe lamulo lokakamiza zizindikiro zimenezi. Wina amagwiritsa ntchito madontho, wina mikombero. Chofunika n'chakuti chizindikiro chilichonse chikhale ndi tanthauzo limodzi tsiku lililonse, kuti diso likachiona pakamwa pachite zokha popanda kuganiza.

Lembaninso mawuwo kuti ganizo lililonse likhale pa mzere wake. Winston Churchill ankachita zimenezi: zolankhula zake, kuphatikizapo zija za m'chaka cha 1940 nkhondo itavuta, ankazitayipa m'mizere yaifupi yoduka ngati masalimo a m'Baibulo, kuti diso lizigwira ganizo limodzi, iye n'kudzutsa mutu n'kulinena. Pano mawu oyenera mzere wa kunsi tawalemba m'zilembo zazikulu kuti aoneke:

Takulandirani ku pulogalamu ya zaulimi. //
Mwezi watha / ambiri a inu munakolola. //
Chimanga chili m'nyumba. //
Koma kodi chidzafika FEBULUWALE / chili chabwino? //
Adani ake ndi AWIRI: / anankafumbwe / ndi chinyezi. //
Lero tili ndi mlangizi wa zaulimi, /
atiuze m'mene tingadziwire /
kuti chimanga chauma GWA /
tisanachithire m'thumba. //

Kamzere kalikonse pamenepa kali ndi chifukwa chake, ndipo chifukwacho chikuchokera m'mene Chichewa chimayankhulidwira. M'chiyankhulo chathu, phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa liwu limatalika liwulo likakhala kumapeto kwa gawo la chiganizo. Nenani “ndagula chimanga” n'kuima: mudzamva “ma” atakokeka, ngati “chimaanga”. Tsopano nenani “ndagula chimanga chambiri” mosadukiza: “ma” uja wafupika, ndipo kukokako kwasamukira ku “chambiiri”. Akatswiri a chiyankhulo anazifufuza bwino zimenezi. Jonni Kanerva analemba buku lonse pa nkhani ya magawo a chiganizo cha Chichewa mu 1990, ndipo Laura Downing ndi Pulofesa Al Mtenje anazifotokozanso m'buku lawo la kamvekedwe ka Chichewa la mu 2017. Mwana wa zaka zinayi amatsata lamuloli osalidziwa.

Kwa muulutsi, tanthauzo lake n'lakuti kupuma m'Chichewa si kungokhala chete. Musanaime n'komwe, pakamwa panu pakoka kale phatikizo lija, ndipo khutu la womvera lamva kuti apa gawo latha. Mukaima pamalo olakwika mwamunamiza kawiri, ndi kukokako komanso ndi kukhala chete. N'chifukwa chake “mlangizi / wa zaulimi” amapweteka khutu: “mlangiizi” akuuza womvera kuti dzina latha, kenako “wa zaulimi” akubwera ngati wochedwa. Chimodzimodzi kuima pambuyo pa timawu tolumikiza monga “wa”, “cha”, “kwa”, “ndi”, “pa” ndi “ku”. Timawu timeneti timakoka liwu lotsatira, ndipo sitisiyidwa tokha m'malere.

Ine ndimaona kuti chizindikiro chonena kuti “usaime apa” n'chofunika mofanana ndi chonena kuti “ima”. Anzathu achisilamu amachidziwa kuchokera ku madarasa: m'Korani yosindikizidwa muli tizilembo ting'onoting'ono pamwamba pa mizere, tina tosonyeza poyenera kuima, ndipo kena koletsa kuima kuti tanthauzo lisasokonekere. Muulutsi akhoza kujambula kauta kolumikiza mawu awiri kapena atatu amene ayenera kutuluka pamodzi. Pa chitsanzo chathu kauta kakufunika pa “ambiri a inu” ndi pa “mlangizi wa zaulimi”. Kamathandiza makamaka pamene mzere wa papepala wathera pakati pa gulu la mawu, chifukwa diso likafika kumapeto kwa mzere limauza pakamwa kuti paime ngakhale ganizo lisanathe.

Mzere wachiwiri uli ndi msampha umene kalembedwe kathu sikaonetsa. “Mwezi watha” angatanthauze zinthu ziwiri. Mukakweza liwu pa “wa” mukunena mwezi wapitawu. Mukalitsitsa mukunena kuti mwezi wafika kumapeto, monga amanenera wodikira malipiro. Zilembo n'zomwezo, kusiyana kuli pa kukwera kwa liwu basi. Munthu amene akuona chiganizo koyamba ali kale pa maikolofoni akhoza kutenga tanthauzo lachiwiri, makamaka poti pali kamzere kopumira patsogolo pake, ndipo akamafika pa “ambiri a inu” n'kuzindikira kuti waphonya. Ikani kakhwatcha kakang'ono pamwamba pa “wa” ndi kamuvi kokwera pambuyo pa “watha”. N'chimodzimodzi ndi “mtengo” m'pulogalamu ya zaulimi, mmene mungakambe za mtengo wa mango ndi mtengo wa feteleza m'ndime imodzi.

Kamuvi kokwerako kali ndi ntchito yaikulu. Tikamacheza, liwu limakwera pang'ono tikaima pakati pa chiganizo, ngati tikuti “dikirani, ndisanathe”, ndipo limatsika chiganizo chikatha. Wowerenga wosakonzeka amatsitsa liwu pa kaimidwe kalikonse, kotero chiganizo chimodzi chimamveka ngati ziganizo zinayi zosamaliza. Taonani mizere inayi yomaliza ya chitsanzo chathu. Ndi chiganizo chimodzi. Pa “zaulimi” ndi pa “tingadziwire” liwu liyenera kukhala m'mwamba, ndipo litsike kamodzi kokha, pa “m'thumba”. Vuto lina ndi losemphana ndi limeneli, la muulutsi amene amakweza liwu paliponse, ngakhale pa timizere tiwiri, ndipo womvera amangodikira mathero amene sakubwera.

Tibwere ku kutsindika. M'mawu 42 tatsindika atatu okha, ndipo ndikanakana kuwonjezera lachinayi. Liwu limamveka lotsindikidwa chifukwa anzake oyandikana nawo sanatsindikidwe. Mukalemba mzere kunsi kwa “takulandirani”, “zaulimi”, “ambiri”, “chimanga” ndi “chabwino” nthawi imodzi, mudzamveka ngati wolengeza malonda pa chimkuzamawu cha pamsika, ndipo womvera sadzadziwa chimene mukufuna agwire.

Posankha, funsani kuti chachilendo n'chiyani m'chiganizo chimenechi. Pa mzere wachinayi womvera akudziwa kale kuti tikukamba za chimanga. Chachilendo ndi mwezi. Mlimi aliyense kuno akudziwa chimene Febuluwale amatanthauza: chakale chatha kapena chili pafupi kutha, chatsopano sichinache, ndipo mtengo pamsika wakwera. Liwu limodzi limenelo lasenza chifukwa chonse choti munthu amvere pulogalamuyi. Pa mzere wachisanu chachilendo ndi chiwerengero, chifukwa “awiri” akulonjeza womvera kuti mndandanda ndi waufupi, ndipo akukonzekeretsa khutu kulandira mayina awiri. “Chimanga” chikabweranso kumapeto sichifuna mphamvu, n'chakale. Wowerenga amene amatsindika liwu lomwelo nthawi iliyonse likaoneka amadziulula kuti sakumva zimene akunena.

Kutsindika kwenikweniko kumachitika bwanji? Ambiri amaganiza kuti ndi kukweza mawu, ndipo amamenya liwulo mpaka maikolofoni kulira. Chichewa sichidalira kwambiri njira imeneyo. Zambiri timazichita ndi kamangidwe ka chiganizo. Tikafuna kunena kuti si wina ayi, timati “amayi ndi amene amasunga mbewu”. Timawonjezera “-di” kapena “-tu”, monga “chaumadi” ndi “musachedwetu”. Tili ndi mawu ngati “gwa”, “mbee” ndi “psiti” amene amabwera ndi mphamvu yawoyawo. Pa chitsanzo chathu tikanatha kulemba “chauma mokwanira” n'kulimbana ndi kutsindika “mokwanira”, koma “chauma gwa” akudzitsindika yekha, ndipo mlimi akumva kale njere ikulira pa dzino. Choncho mukaona kuti liwu likufuna kukankhidwa kwambiri kuti limveke, bwererani ku chiganizo. Mwina likufuna kusunthidwa, osati kufuulidwa.

Pamene mzere wa kunsi watsala, njira yake ndi yofatsa. Chedwani pang'ono pa liwulo, litchuleni lonse osameza phatikizo, ndipo muime kanthawi pambuyo pake. Kanerva anaona zomwezi mwa woyankhula Chichewa: liwu limene akufuna limveke limatseka gawo la chiganizo, kotero limalandira kutalika kuja. N'chifukwa chake m'chitsanzo chathu mawu onse atatu otsindikidwa ali ndi kamzere kopumira patsogolo pake. Kupuma ndi kutsindika si ntchito ziwiri zosiyana kwenikweni, china chimathandiza chinzake.

Liwiro ndilo limavuta kulilemba papepala, chifukwa limadalira mtima wa munthu pa nthawiyo. Nyali yofiira ikayaka, mtima umagunda msanga ndipo pakamwa pamatsatira. Pafupifupi aliyense amawerenga mofulumira mu situdiyo kuposa m'mene anayesera panja. Mzere woyamba ndiwo umavutika kwambiri, popeza muulutsi waunena kambirimbiri ndipo kwa iye ulibenso tanthauzo. Amauthamangitsa, “takulandirani” n'kutsala “takulandrani”, dzina la pulogalamu n'kumezedwa. Koma mzere umenewo ndi umene womvera akugwiritsa ntchito pozolowera liwu lanu, ndipo nthawi zambiri nyimbo yotsegulira imakhala ikadamveka pansi pake. Lembani “pang'onopang'ono” pamwamba pa pepala, ndipo muike timizere tiwiri liwu loyamba lisanayambe, kuti mukoke mpweya nyimbo ikamatsika, osati mutayamba kale kuyankhula.

Izi sizikutanthauza kuti mawu onse aziyenda mwaulesi. Liwiro lofanana, kaya lofulumira kaya lochedwa, ndilo limagonetsa. Pocheza timathamanga pa zodziwika n'kuchedwa pa zachilendo. “Ambiri a inu munakolola” akhoza kuyenda mopepuka, aliyense akudziwa. “Chimanga chili m'nyumba” n'chachifupi dala, kuti chipumitse khutu funso lisanabwere. Funsolo lichedwe, ndipo timizere tiwiri ta pambuyo pake tikhale totalika kuposa tina tonse, mwina sekondi yathunthu kapena kupitirira pang'ono. Kwa amene ali pa maikolofoni sekondi ya chete imaoneka yaitali mochititsa mantha, ndipo amafuna kuidzaza. Womvera akuigwiritsa ntchito: akuganiza za matumba ake amene ali pakona. Mukamulanda sekondi imeneyo, funso lanu lapita pachabe. Kenako “anankafumbwe” alandire kamzere kokhotakhota, chifukwa ndi liwu la maphatikizo asanu limene lilime limakonda kudumphapo limodzi.

Mayina a anthu, mayina a malo ndi manambala amafuna chisamaliro chomwecho. Ngati mlendo ali ndi dzina limene simunalitchulepo, mufunseni musanayambe, mulilembe m'maphatikizo m'mene likumvekera, ndipo muike kamzere patsogolo ndi pambuyo pake. Nambala ngati K25,000 musaisiye choncho papepala. Diso likaifika limaima kuti lisankhe ngati muinena m'Chichewa kapena m'Chingerezi monga ambiri timachitira pamsika, ndipo kukayika kumeneko kumamveka. Sankhani muli panja, mulembe m'mawu m'mene mudzanenere. M'mawu otsegulira nambala imodzi ndi yokwanira, zina zidikire mkati mwa pulogalamu.

Nanga mudziwa bwanji kuti mawu anu akwana nthawi imene mwapatsidwa? Mabuku ophunzitsa utolankhani wa pa wailesi m'Chingerezi amati mawu atatu pa sekondi, ndiye kuti 180 pa mphindi. Muyezo umenewo si wathu. Liwu limodzi la Chichewa ngati “tisanachithire” lili ndi maphatikizo asanu ndi limodzi, ndipo likunena zimene Chingerezi chinganene ndi timawu tingapo tatifupi. Amene angalembe mawu 60 a Chichewa poganiza kuti ndi masekondi 20 adzapezeka akuthamanga kuti akwanitse. Njira yodalirika ndi kudziyeza nokha. Tengani nkhani ya m'nyuzipepala ya Chichewa, muiwerenge mokweza kwa mphindi imodzi m'mene mungawerengere pa wailesi, kupuma konse kulimo, kenako muwerengetse mawu amene mwadutsa. Tinene kuti mwapeza 110. Pamenepo mawu 60 aja ndi masekondi pafupifupi 33, ndipo mawu 42 a chitsanzo chathu ndi masekondi pafupifupi 23.

Dongosolo la ntchito nalo lili ndi kanthu. Musayambe ndi pensulo. Werengani mokweza kaye pepala lili loyera, chifukwa kuwerenga chamumtima kumabisa zonse: maso sapuma, sapunthwa pa “anankafumbwe”, ndipo sadziwa kuti mpweya watha. Pa ulendo wachiwiri ikani timizere pamene mwaima mwachibadwa. Pa wachitatu sankhani mawu otsindika. Kenako dzijambuleni pa foni, muike pepala pansi, mumvere osaliyang'ana. Gwiritsani ntchito pensulo osati bolopeni, chifukwa zizindikiro zina mudzazifufuta mukadzimva.

Pomvera, zolakwika zimadziulula zokha mukadziwa chofuna. Mukamva kukoka mpweya kwaphokoso pakati pa chiganizo, ndiye kuti timizere tiwiri tatalikirana kwambiri, kapena munadumpha tina. Mukamva kuti mawu omaliza a chiganizo akuzimirira, mpweya unatha musanafike, ndipo chiganizocho chikufuna kudulidwa. Mukamva kanyimbo kobwerezabwereza, liwu kukwera ndi kutsika pamalo ofanana mzere uliwonse, yang'anani kutalika kwa magawo anu: kawirikawiri mudzapeza kuti mwaika kamzere pambuyo pa mawu atatu alionse. Fufutani theka la timizereto, ndipo musinthe ziganizo kuti zina zikhale zazitali zina zazifupi. Pepala lodzaza zizindikiro limabala liwu louma ngati pepala lopanda chizindikiro, chifukwa muulutsi amayamba kuwerenga timizere m'malo mwa nkhani. Muyeso wina wabwino ndi kupempha munthu amene sanaone pepalalo kuti amvere kamodzi, kenako akuuzeni zimene pulogalamu ikukamba. Akanena za Febuluwale, adani awiri ndi kuuma kwa chimanga, zizindikiro zagwira ntchito. Akangokumbukira kuti munamulandira, bwererani ku pensulo.

Pepala lenilenilo likonzedwe kuti lilandire zizindikiro. Zilembo zikhale zazikulu, mizere italikirane kuti pakhale malo a pensulo, ndipo mulembe mbali imodzi yokha. Chiganizo chisayambe pa tsamba lina n'kukathera pa lina, chifukwa nthawi yotembenuza imabala kupuma kumene simunakonze. Masamba asamangidwe pamodzi, kuti muzingowasuntha mwakachetechete, popeza maikolofoni amatola phokoso la pepala kuposa m'mene mungaganizire. Ndipo musawerenge pepala lokhala ndi zizindikiro za mnzanu. Iye ali ndi chifuwa chake ndi kayankhulidwe ka kwawo, ndipo kukwera ndi kutsika kwa liwu kwa munthu wa ku Kasungu sikufanana m'zonse ndi kwa munthu wa ku Mulanje. Pemphani pepala loyera muike zanu.

Tsopano tinene kuti mkonzi wabwera n'kukuuzani kuti nyimbo yatalika, mawu otsegulira asapitirire masekondi 20. Muli ndi masekondi atatu oti muchotse. Chimene muulutsi aliyense amayamba kuganiza ndi kuwerenga mofulumira n'kudya timizere tiwiri tija, ndipo choyamba kufa chimakhala chete wa pambuyo pa funso, amene ndi wofunika kuposa onse. Chotsani mawu m'malo mwake. “Wa zaulimi” wachiwiri angachoke, chifukwa mzere woyamba wanena kale kuti pulogalamu ndi ya zaulimi ndipo womvera adziwa kuti mlangiziyo ndi wa chiyani. “Ambiri a inu munakolola” akhale “ambiri munakolola”. “Koma” wa patsogolo pa funso achoke, “kodi” akwanira yekha. Mawu asanu apita, atsala 37, ndipo pa liwiro la mawu 110 pa mphindi amenewo ndi masekondi 20, timizere tonse tili m'malo mwake. Tiuta tiwiri tija tilibenso ntchito, tifufuteni, kenako muwerengenso mokweza kamodzi wotchi ili m'manja musanalowe mu situdiyo.